Disiki yaphulika, lipoti lakanidwa

Wazachitetezo, Kanengo: Akuluakulu thandizeni. Wowotcherera wavulala mkono, disiki ya galayinda yamuphulikira. Lipoti ndalemba, bwana abweza, akuti pa chifukwa ndilembe "kusasamala" basi. Mboni nazo sizikugwirizana: wina akuti 10:15, wina 10:40. Galayindayo ndi ya mamilimita 115, disiki inali ya 180, gadi yotchinga disikiyo inachotsedwa.

Kapitawo: Bwanawo akunena zoona. Anachotsa gadi ndani? Iyeyo. Lembani kusasamala, asayine, nkhani yatha.

Mayi a ku Limbe: Ayi achimwene, "kusasamala" ndi chigamulo, si chimene chinachitika. Lembani zooneka. Galayinda ya 115 imazungulira pafupifupi ka 11,000 pa mphindi imodzi, kapena kuti 11,000 RPM, pomwe disiki ya 180 nthawi zambiri malire ake ndi 8,500 RPM. Bowo la pakati ndi lofanana, ndiye imalowa bwinobwino, koma ndi gadi siikwana, n'chifukwa chake amachotsa. Koperani manambala onse awiri, pa chizindikiro cha makinawo ndi pa chidutswa cha disiki. Onaninso deti losindikizidwa pa kachitsulo ka pakati, mwina inatha kale nthawi. Zidutswazo zisatayidwe: jambulani pomwe zinagwera, kenako muike m'jumbo pamodzi ndi galayindayo, mukiyire.

Kalaliki: Ngati ndi za chipukuta misozi, chofunika ndi lipoti la dokotala. Popanda limenelo ku Leba sakumverani.

Mayi a ku Limbe: Limenelo lifunika, koma apa tikukamba lipoti la pakampani. Za nthawizo musasankhe imodzi. Lembani zonse ziwiri ndi amene wanena, kenako muzifanize ndi zolembedwa: buku la kusitolo likuti disiki inatuluka nthawi yanji, la pageti likuti galimoto yopita kuchipatala inanyamuka nthawi yanji. Mndandandawo uyambire pomwe disiki inaperekedwa, osati pomwe magazi anatuluka. Mboni muzifunse payekhapayekha lero lomwe, zikagona pamodzi mawa zidzayimba nyimbo imodzi.

Kapitawo: Zonsezo n'zabwino mayi, koma gadi sinadzichotse yokha.

Mdala wa mawaya: Nanga kusitolo madisiki a 115 analipo? Ngati anatha sabata yatha ndipo ntchito imafunidwa tsiku lomwelo, chifukwa chenicheni chili pamenepo. Pa zokonza musalembe "antchito azisamala", palibe angadzatsimikize kuti zachitika. Lembani chochita, mwini wake ndi tsiku: wakusitolo azipereka disiki ataona galayinda yake, kuyambira Lolemba, magalayinda onse opanda gadi achotsedwe pantchito pofika Lachisanu. Chenjeraninso, lamulo la chitetezo pantchito la 1997 limafuna kuti mudziwitse boma munthu akavulala mpaka kulephera kugwira ntchito yake. Ndipo wovulala asasayinitsidwe kanthu ali pa bedi ndi mankhwala opha ululu.

Kapitawo: Ndiye bwana akakananso, musayina ndani? Ine ndikuti dzina la wochotsa gadi lilembedwe.

Mdala wa mawaya: Lilembedwe ngati pali amene anamuona akuchotsa. Alipo?