Ndalama za mayi wa matimati zinkapita kuti?

"Achemwali, mayi wogulitsa matimati uja, amene K500 inkachoka pa foni yake mobwerezabwereza, zinatha bwanji?"

Achimwene, tinakhala naye pansi dzana, tinayerekeza mauthenga a pa foni ndi kabuku kake ka malonda. Ena anali malipiro otapira ndalama kwa ejenti. Amenewo anali olondola. Koma ma K500 aja ankachoka usiku okhaokha, cha m'ma 9 koloko, iye atagona kale atatopa ndi msika. Uthenga wotsimikiza kunalibe, wina ankaufufuta.

Ku ofesi ya kampani ya foni anamusindikizira ndondomeko ya momwe ndalama zake zinayendera mwezi wonse atawonetsa chiphaso chake. Zinapezeka kuti ndi mabando a intaneti, ogulidwira nambala imodzimodzi: ya mphwake amene amamuthandiza pa benchi. PIN inali chaka chobadwa cha mayiyo, ndiye mnyamatayo sanavutike n'komwe.

Wasintha PIN. Nkhani ya mphwakeyo waisiya m'manja mwa amalume.