Ana a Fomu 3 akusokoneza c'est ndi s'est pa lembetso

Mphunzitsi wa ku Dedza: Aphunzitsi anzanga a Chifalansa, ndithandizeni. Dzulo ndinapereka lembetso: "Elle s'est levée tôt, elle a pris ses cahiers." Ana ambiri alemba c'est ndi ces. Polankhula salakwitsa, poti mawuwa amamveka chimodzimodzi, koma ndikamachonga mtima ukundiwawa. Inu mumawaphunzitsa bwanji?

Mphunzitsi wa ku Mzimba: Madamu, ine ndimawauza kuti kutsogolo kukakhala mawu ngati levé, parti kapena fini, alembe s'est. Kukakhala dzina, c'est.

Mphunzitsi wopuma wa ku Zomba: Bambo, lamulo limenelo lidzawagwetsa ana. Nanga "c'est fini"? Nanga "c'est fermé"? Onani ziwiri izi: "La porte s'est fermée" ndi "C'est fermé". Mneni ndi yemweyo, kalembedwe kosiyana.

Ine ndinkawauza kuti achotse mwininkhani n'kuikapo je. Chiganizo chikalola, ndiye kuti ndi s. "Elle s'est levée" chimasanduka "je me suis levée", ndipo "il se lave" chimasanduka "je me lave". Se uja amasintha kukhala me, pomwe ce sasintha choncho. Pa c'est, ayese kuikapo cela est. "Cela est fini" chikumveka, koma "elle cela est levée" palibe chimene chikutanthauza. Mwana azinong'ona yekha asanalembe. Zimadya nthawi sabata zoyamba zokha.

Mphunzitsi wa ku Mangochi: Kwathu vuto ndi katchulidwe, ana amatchula ce ngati "se" wa m'Chichewa. Ndimawaimbitsa m'mawa uliwonse.

Wa ku Dedza: Zikomo achimwene, koma changa n'cholemba. Ngakhale atatchula bwino, ce ndi se zimamvekabe mofanana. Kodi ndingawauze kuti se ndi -dzi- wathu, ngati "akudziyang'ana", il se regarde?

Wopuma wa ku Zomba: Poyambira n'zothandiza, madamu, koma musakhazikikepo. "Ils se battent" ndi "akumenyana", pamenepo ndi -ana. "Elle se souvient" ndi "akukumbukira", mulibe -dzi- konse.

Pomwe Chichewa chimagwira bwino ntchito ndi pa ses ndi ces. Ses cahiers ndi makope ake, ces cahiers ndi makope awa. Akakayika, atsale ndi kope limodzi: son cahier kapena ce cahier. Khutu limasiyanitsa lokha pamenepo.

Wa ku Mzimba: Pa "c'est fini" ndagonja. Koma madamu, "elle a pris ces cahiers" si cholakwika. Mwana wongomva ndi khutu akanadziwa bwanji kuti makopewo ndi ake? Ine ndikanamupatsa malikisi.

Wa ku Dedza: Ine ndinachotsa, poganiza kuti nkhani ikukamba za mtsikana wopita kusukulu, ndipo makopewo anali asanatchulidwepo kuti tinene "awa".

Wa ku Mzimba: Komabe chiganizocho chikulola zonse ziwiri.

Wa ku Dedza: Za malikisi ndiganizabe. Lachisanu ndibwereza lembetsoli, koma ndiika "elle a embrassé ses parents".