Ngongole ya malemu igwere yani?

Abale, ndithandizeni nzeru. Bambo anatisiya mu Malichi osalemba wilo, tatsala ana atatu ndi amayi. Puloti ya ku Chirimba wotchula mitengo akuti ndi ya K18 miliyoni, ku banki kuli K4 miliyoni, koma pali ngongole ya K3 miliyoni, kalata yake tinaipeza m'chikwama chawo. Ine ndikuti tibweze kaye ngongoleyo, kenako tigawane K19 miliyoni yotsalayo. Achimwene akufuna atenge puloti okha, ife tigawane za ku banki, zomwe ndi K1 miliyoni basi ngongole ikachoka. Zikundipweteka, chifukwa amayi akukhalabe m'nyumba ya papulotipo. Kodi achimwene atatipatsa ndalama ya gawo lathu, amayi angachotsedwe? Nanga tiyambire kwa DC kapena kwa Administrator General?