Pini ya 25.10 ikukanidwa pamene malire ndi 0.1

Wapalefi: Akuluakulu, ndithandizeni. Tikupala mapini a mamilimita 25, ndipo pepala la kasitomala likulola kupitirira kapena kuperewera ndi 0.1. Miyeso ndimailemba mu Excel: B ndi zomwe ndayeza, C ndi 25, D ndi 0.1.

```
=IF(ABS(B2-C2)<=D2,"YADUTSA","YAKANIKA")
```

Mapini anayi omwe kalipa yawerenga 25.10 onse akuti YAKANIKA, wa 24.90 chimodzimodzi. Chondidabwitsa, mwezi watha fomula yomweyi pa mapini a mamilimita 10 inkadutsitsa 10.10 popanda vuto.

Mjomba wa sikelo: Mwina 0.1 ameneyo ndi peresenti, achimwene. Ife poyeza matumba timatenga peresenti ya kulemera kofunikako. Pa 25 zingakupatseni 0.025 basi, ndiye 25.10 ikanikedi.

Wapalefi: Ayi mjomba, papepala palembedwa 25 ±0.1, ndi mamilimita. Ndipo mu fomulamo mulibe peresenti.

Nachisale: Fomula yanu siinalakwe m'maganizo, vuto ndi mmene kompyuta imasungira manambala. Imawasunga ndi 0 ndi 1, ndipo mwa njira imeneyo 0.1 satha, monga 1 kugawa ndi 3 satha tikamalemba 0.333. Choncho imasunga nambala yoyandikira kwambiri. Lembani `=25.1-25` m'selo ina, muwonjezere manambala a pambuyo pa kadontho afike 15. Muona 0.100000000000001. Kachidutswa ka kumapetoko n'kamene kakuchititsa kuti kusiyanako kupose 0.1.

Za mwezi watha, munangochita mwayi. Nambala yomwe kompyuta imasunga m'malo mwa 10.1 ndi yochepera pang'ono, ndiye ukachotsa 10 umapeza 0.0999999 n'kumapita, ndipo imadutsa. Ya 25.1 ndi yokulirapo pang'ono. Simungadziwiretu kuti ipendekera kuti. Chizindikiro chake n'chomwe mwaonacho: zokanidwa molakwika ndi zokhazo zomwe zagwera ndendende pamalire.

Chembe: Nkhani yaing'ono iyi. Ikani `ROUND(ABS(B2-C2),1)` basi, kachidutswako kachoka.

Nachisale: ROUND ndi yoona a Chembe, koma osati 1. Taganizani pini ya 25.14. Kusiyana ndi 0.14, ROUND ya 1 ikubweza 0.1, ndipo pini yonenepa yadutsa. Mwatambasula malire kufika pafupifupi 0.15 osadziwa. Nambala ya mu ROUND ikhale yosachepera manambala omwe chida chanu chimawerenga. Kalipa ya 0.01 imapereka awiri, ine ndimaika 4 kuti tsiku lina mukadzagwiritsa maikulomita ya 0.001 musadzasinthe kanthu:

```
=IF(ROUND(ABS(B2-C2),4)<=D2,"YADUTSA","YAKANIKA")
```

Musangosintha maonekedwe a selo kuti izionetsa 0.10. Zimenezo zimangobisa, nambala ya pansi imakhala yomwe ija.

Chembe: Pamenepo mwandigwira, achemwali. Ndikaone mafayilo anga akale.

Wapalefi: Zatheka! 25.10 ndi 24.90 zadutsa, 25.11 yakanika monga ziyenera. Zikomo mayi.

Gogo Fita: Mwana wanga, usathamangire kupakira. Choyamba, ABS imagwira pokhapokha malire ali ofanana mbali zonse. Tsiku lina kasitomala adzakupatsa shafiti ya 25 h7, yomwe imalola kuperewera ndi 0.021 koma osapitirira ngakhale pang'ono. ABS idzadutsitsa 25.015, iwe n'kudzadziwa pamene shafiti yakana kulowa. Ine ndimalemba malire apansi ndi apamwamba ndi manja, aliyense m'selo yake, 24.979 ndi 25.000, kenako `=AND(B2>=E2,B2<=F2)`. Palibe kuchotsera, ndiye kachidutswa kajanso sikabwera.

Chachiwiri ndi chomwe chikundidetsa nkhawa. Kalipa yowerenga 0.01 imatha kuphonya ndi 0.02 kapena 0.03, ona pepala lake. Ikamati 25.10, pini ikhoza kukhala 25.12. Excel yakhutira, koma kasitomala akayeza ndi maikulomita adzakubwezera. Lamulo la kayezedwe la ISO 14253-1 limati wogulitsa akafuna kutsimikiza kuti chinthu chili bwino, achotse kukayikitsa kwa muyeso wake pamalirewo. Ukatero ndi 0.03, wako malire ndi 24.93 mpaka 25.07.

Nachisale: Zoona gogo, koma zimatengera zomwe anagwirizana. Makasitomala ambiri amalandira chilichonse chomwe chida chawerenga mkati mwa malire, pamalire penipeni pomwe. Kutaya mapini asanu abwino chifukwa cha lamulo lomwe palibe analitchula, bwana sangamve.

Gogo Fita: Sindinati ataye. Ayeze asanuwo ndi maikulomita, atazizira, osati ongochoka pamakina. Komanso anayi kugwera kumtunda konse, ine ndingasuzumire mpeni ngati sunayambe kutha.

Wapalefi: Maikulomita ilipo koma sinaonedwe chaka chino. Ndiwapatula asanuwo, mawa ndifunse kasitomala kuti iye amayeza ndi chiyani.