Kontirakitala akumata simenti pa tchalitchi chathu chakale, ndimuimitse?

Wofunsa: Abale ndithandizeni. Ndine mlembi wa komiti yokonzetsa tchalitchi chathu cha njerwa zootcha, cha nthawi ya amishoni. Pepala la ntchito ndinalemba ndekha poti anzanga anali kumaliro, ndipo msungichuma mpaka lero sanandibwezere ya thiransipoti. Dzulo ndinapeza anyamata a kontirakitala akukumba mizere ya pakati pa njerwa ndi galainda, n'kumatamo simenti. Khoma la kum'mawa lafika theka. Abusa akuti lakongola, koma njerwa zabenthuka m'mbali. Ndimuimitse?

Foromani wa ku Ndirande: Mumuimitse chifukwa chiyani? Simenti ndiye mphamvu! Makomiti a kutchalitchi mumavuta, kulipira mochedwa koma kulamula ndiye patsogolo.

Mayi wa ku Zomba: Achimwene, papepalapo munalemba kuti amate ndi chiyani? Mukangolemba kuti "akonze khoma", mlandu alibe. Koma muimitseni lero. Njerwa zakalezo ndi zofewa, ndipo simenti imalimba kuziposa. Chinyontho chikalephera kutulukira m'mizere chimatulukira m'njerwa, ndiye nkhope ya njerwa imayamba kufumbutuka, simentiyo n'kutsala njo.

Foromani wa ku Ndirande: Zam'mabuku izo amayi. Ine nyumba zanga sizinagwepo.

Mayi wa ku Zomba: Zanuzo ndi zatsopano bambo. A mlembi, kandani mzere umene sanaukhudze muone ngati muli dothi kapena laimu, chifukwa chobwezeramo chiyenera kufanana ndi chakalecho. Ngati ndi laimu, lembani kuti ndowa imodzi ya laimu ku ndowa zitatu za mchenga, simenti ayi. Kukumba kukhale kwa pamanja, kuya kwake kuwirikize kawiri kukula kwa mzerewo. Ayambe wamata kachigawo ka mita imodzi kumbuyo, komiti ikavomereze, ndipo khoma lonse muziliyerekeza ndi pamenepo.

Mlimi wa ku Dedza: Laimu ndiye musavutike, ali mbwee m'mashopu a feteleza.

Mayi wa ku Zomba: Ameneyo ayi, wakumundayo ndi mwala wongopera, sagwira. Pakufunika womangira, ndipo akamata aphimbe ndi masaka onyowa kwa masiku angapo kuti asaume msanga n'kung'aluka.

Gogo wa Mvano: Ife kwathu munthu anatenga dipoziti ya malata, mpaka lero tikupemphera mvula ikutidonthera. Mwanawanga, usalipire zonse, usungeko kachigawo mpaka dzinja lidutse.

Mphunzitsi wopuma: Mwafunsa a dipatimenti yoona za nyumba zakale? Zina zili m'kaundula wa boma, ngati St Michael and All Angels ya ku Blantyre ya 1891 ija, sungangozigwira popanda chilolezo.

Foromani wa ku Ndirande: Ndiye theka lomatidwalo aligumule? Alipire ndani?

Mayi wa ku Zomba: Pamenepo mpovuta. Kuchotsa simenti youma kumabenthulanso njerwa, ayesere kaye pang'ono ndi tchizulo. Wolipira tidziwa tikamva zimene zili papepala.

Wofunsa: Pepalalo lili ndi msungichuma, ndipo foni yanga sakuyankha.