Paipi ikuzuka pakhota, konkire ndiike bwanji?

Moni nonse akuluakulu. Ndili ku Chigumula, ndinayala paipi ya PVC ya mamilimita 110, yolumikiza ndi mphira, kuchokera pa thanki kumtunda. Mphamvu ya madzi ikafika mabaa 6, pakhota la madigiri 90 paipi imazuka, madzi n'kumatumphuka pansi. Ndikawerengera, pamenepo ikukankha pafupifupi makilogalamu 800.

Ndinakhomera zikhomo zachitsulo kumbuyo kwake, zinapindika. Kenako ndinathira konkire, koma inatsamira dothi lokwirira, ndipo mvula itagwa chibuma chonse chinasuntha. Dothi lake n'lakatondo, likanyowa limafewa.

Kodi konkireyo itambalale bwanji pakhoma la ngalande losakumbidwa kuti igwire? Nanga kumapeto kotseka, kumene mphamvu ikukankha molunjika, muyeso wake n'chimodzimodzi? Ndidikire masiku angati ndisanatsegule madzi? Chonde ndithandizeni.