Za galu wathu: mayeso awiri aja

Ndinafunsa kuti: "Galu wathu amangomwa madzi, mimba yatupa, ubweya ukuthothoka. N'chiyani?"

Abale anga, adokotala a ziweto kuno ku Chipata anakayikira Kushingi, nthenda ya kuchuluka kwa mahomoni otchedwa kotizo m'thupi. Magazi anatumizidwa ku Lusaka. Kuyeza kwa ACTH, kotenga magazi galu asanabayidwe mankhwala okweza kotizo otchedwa ACTH ndiponso patatha ola limodzi, sikunaonetse vuto. Ndinasangalala msanga! Akuti kuyeza kumeneku kumaphonya agalu ena odwaladi.

Kenako, pa kuyeza kwachiwiri, anam'baya mankhwala otchedwa dekisametazoni pang'ono. Mwa galu wabwinobwino kotizo amatsika n'kukhala pansi mpaka maola 8. Wathuyu anatsika pa maola 4, koma pa maola 8 anali atakweranso. Adokotala akuti zimenezi zikuloza kachotupa ka pituitale, kunsi kwa ubongo, osati pa adirino, pafupi ndi impso. Ayamba kum'patsa trailositeni, mankhwala ochepetsa kotizo, ndipo kuyeza kwa ACTH kuja azikugwiritsa ntchito poona ngati mlingo wakwana.